Afika kale, kapena afika madzulo? Kalembedwe ka nthawi mu uthenga wa pafoni

Mlongo wanga amene amakhala ku Kasungu adandilembera uthenga tsiku lina cha m'ma 9 koloko m'mawa. Udali wachidule: "Amalume afika ku depoti, ali ndi matumba awiri a chimanga." Ine, ndili kwathu ku Area 23, ndidamva kuti malume athu ali kale mu Lilongwe, aima pa depoti ndi katundu wolemera ndipo palibe wowalandira. Ndidasiya zomwe ndinkachita n'kukwera minibasi ya m'tauni. Pa depoti ndidayang'ana basi iliyonse yochokera kumpoto, foni ya malume ili yothima, mpaka dzuwa lidafika pamutu. Malume adatsika cha m'ma 1 koloko masana. Nthawi imene uthenga uja unkalembedwa n'kuti basi yawo isananyamuke n'komwe ku Kasungu, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera kuno.

Mlongo wanga sadaname, ndipo ine sindidawerenge molakwa. Iye ankatanthauza kuti malume afika nthawi ina lero lomwelo. Akadandiimbira, khutu langa likadamva kusiyanako nthawi yomweyo, chifukwa polankhula timakweza liwu pa "a" woyambayo tikamanena za munthu amene akubwera, ndipo timalisiya pansi tikamanena za munthu amene wafika kale. Koma Chichewa cholemba sichisonyeza kukwera ndi kutsika kwa liwu. Mawu awiri osiyana pakamwa amasanduka amodzi pafoni. Vuto lalikulu la nthawi mu uthenga wachidule lagona pamenepa, ndipo malangizo otsatirawa ndi a momwe mungabwezeretsere, ndi zilembo, chimene liwu lanu likadanena.

Yambani ndi funso ili: chachitikacho chikadali choncho?

Musanasankhe kaphatikizo koika mu mneni, musathamangire kuwerenga maola amene apita. Dzifunseni ngati zotsatira za chinthucho zikadalipo pamene mukulembapo. Ngati zilipo, kaphatikizo kanu ndi -a-: ndafika, wafika, tafika, mwafika. "Ndafika pa Kanengo" akutanthauza kuti ndili pa Kanengo pano, bwerani mundipeza. "Magetsi azima" ndiye kuti m'nyumba muli mdima panopa. "Mwana wadwala" ndiye kuti akudwalabe, ndipo wolandira uthengawo ayamba kuganiza za mayendedwe opita kuchipatala.

Tsopano sinthani kaphatikizoko muike -na-. "Magetsi anazima m'mawa." Amene akuwerenga amva kuti mwina ayaka tsopano. "Alendo anabwera" akusiya mpata woti alendowo apita kale, pamene "alendo abwera" akuuza mayi a kunyumba kuti awonjezere ufa mu mphika. "Ndinataya makiyi" amadikira mawu ena otsatira, monga "koma ndawapeza m'thumba la jekete". "Ndataya makiyi" ndi kulira kwa munthu amene waima pakhomo lotseka.

Anthu ambiri adaphunzira kuti -a- ndi wa zalero ndipo -na- ndi wa zadzulo. Lamulo limeneli limathandiza, koma silikwanira. Mumva munthu akunena kuti "ndabwera dzulo", ndipo palibe amene amamudabwa, chifukwa akutanthauza kuti adabwera ndipo akadali konkuno. Mumvanso wina akuti "ndinapita kumsika m'mawa uno", za lero lomwe, chifukwa wabwerako kale. Choncho mukafuna kuti wowerenga achitepo kanthu panopa, lembani ndi -a-. Mukafuna kungomudziwitsa za chinthu chimene chatha, lembani ndi -na-, ndipo muwonjezere nthawi yake.

Zikakhala kuti zangochitika kumene, tili ndi -ngo- ndi liwu loti "kumene": "Ndangotsika kumene, ndili pafupi ndi ogulitsa nthochi." Uthenga wotere sufuna kufunsanso.

Mukalemba -na- kapena -da-, tchulani tsiku

Pakamwa -na- alipo wamitundu iwiri. Mukakweza liwu pa -na- penipenipo, "ndinafika" amanena za dzulo, dzana kapena kale ndithu. Mukalikweza pa phatikizo lotsatira, pa "fi", mukunena za lero lomwe, maola angapo apitawo. Yesani kutchula mokweza muone, pakamwa panu pakudziwa kale zimenezi ngakhale simudaziphunzire m'kalasi. Pafoni zonsezi zimalembedwa chimodzimodzi. Ndiye mlamu wanu akalemba kuti "Ndinakusiyirani ndalama kwa mayi a pa golosale", simungadziwe ngati ndi zalero kapena ndi zija mudatenga kale sabata yatha. Mawu awiri okha akadathetsa nkhaniyo: "m'mawa uno", kapena "Lachitatu lapitali".

Nanga -da-? Kuno ku Chigawo cha Pakati timamumva kwambiri: adapita, tidagula, ndidamuona. Kumwera ambiri amanena -na- pamalo omwewo. Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, ndipo bungwe la Chichewa Board litakhazikitsidwa mu 1972, kalankhulidwe ka Chigawo cha Pakati ndi kamene kadatengedwa ngati muyeso. Kamuzu Banda, yemwe kwawo kudali ku Kasungu, ankakonda -da-, ndipo akuluakulu ambiri amene adaphunzira nthawi imeneyo mpaka lero amamuona ngati wolongosoka kuposa -na-. Ine sindiona chifukwa chodzudzulira munthu wa ku Zomba kapena ku Mulanje polemba "anapita". Onse awiri ndi Chichewa.

Komabe -da- ali ndi ubwino umodzi mu uthenga wachidule: salozera zalero. Munthu akawerenga "adasamuka", sangaganize kuti katundu akukwezedwa m'galimoto panopa. Amva kuti zidachitika kale ndipo munthuyo sakhalanso pamenepo. N'chifukwa chake -da- amakwanira bwino pa zinthu zakale zimene sizidasinthe: adakwatiwa, adamanga nyumba ku Area 49, adamwalira. Pa uthenga wa zovuta m'pofunika kusamala kwambiri. "Agogo atisiya m'mawa uno" ndi uthenga woitanira anthu kumaliro. "Agogo adatisiya chaka chatha" ndi kufotokozera munthu amene sadamve. Mukalemba "agogo anatisiya" popanda tsiku, wachibale amene ali kutali sadziwa ngati ayambe kufunafuna ndalama yokwerera basi kapena ngati mwambo udachitika kale iye osauzidwa, ndipo zonse ziwirizi n'zopweteka.

Chimene ndingapemphe n'chakuti mu uthenga umodzi musasakanize -na- ndi -da- pa zinthu zochitika nthawi imodzi. "Ndidapita ku banki ndipo ndinapeza atatseka" amapangitsa wowerenga wina kuganiza kuti mukunena za maulendo awiri.

Pali kenanso kakang'ono kofanana ndi zimenezi. "Ndimagulitsa tomato ku Lizulu" atha kutanthauza ntchito yanu ya masiku onse, kapena zimene mumachita nthawi ina m'mbuyomu, malinga ndi pamene liwu lakwera. Ngati mudasiya, lembani ndi -nka-: "Ndinkagulitsa tomato." Pamenepo palibe amene angakutumireni oda.

Zam'tsogolo: sankhani pakati pa lero, tsiku lina, ndi uko mukupita

Pa zimene zichitike lero kapena posachedwa, mneni safuna kaphatikizo ka nthawi: ndifika, tibwera, muona. "Nditumiza madzulo." "Tinyamuka 2 koloko." Pa zamawa ndi kupitirira apo timaika -dza-: ndidzafika, tidzabwera, mudzaona. Malire ake si a mpanda wa njerwa. "Ndibwera mawa" ndi Chichewa chabwinobwino, ndipo amamveka wotsimikiza kuposa "ndidzabwera mawa". Koma kubwerera chakumbuyo sizitheka: "ndidzabwera lero masana" amamveka mokhota, ndipo wowerenga amayamba kukayika ngati mukunenadi za lero.

Apa ndi pamene pamayambira mikangano yambiri ya ndalama. Tiyerekeze kuti mng'ono wanu ali kusukulu ndipo wakupemphani K20,000 ya mayeso, yofunika pofika Lachisanu. Onani mayankho awa, onse ochokera ku tsinde limodzi.

"Ndatumiza." Iye apita kwa ajenti panopa kukatapa.

"Nditumiza." Adikira lero, aziyang'ana foni mpaka madzulo.

"Ndidzatumiza." Amva kuti si lero, ndipo popanda tsiku amva ngati mwamukankhira kutali. Liwu limeneli likaima lokha limafanana ndi lonjezo la munthu amene sakufuna kukana poyera. Ngati mukunenadi zoona, lipatseni tsiku: "Ndidzatumiza Lachinayi ndikalandira."

"Ndinatumiza." Ayamba kufufuza mauthenga akale mufoni, mwinanso kuda nkhawa kuti ndalamayo idapita ku nambala ina.

Taonani kuti pakati pa "ndatumiza" ndi "nditumiza" pali chilembo chimodzi chokha. Chimodzimodzi "tafika" ndi "tifika", "ndakutumizirani" ndi "ndikutumizirani". Chala chikaterereka, kapena foni ikakukonzerani mawu mwa iyo yokha poganiza kuti mukulemba Chingerezi, mwana uja ayenda ulendo wopita kwa ajenti pachabe. Njira yotetezera ndi kuika liwu lachiwiri lochitira umboni chilembocho. "Ndatumiza kale, taona mufoni." "Nditumiza ikamakwana 5 koloko." Chilembo chimodzi chikalakwika, liwu linalo limaulula cholakwacho ndipo wowerenga amafunsa.

Kaphatikizo kachitatu ndi -ka-, ndipo ndi kamene kamasokoneza kwambiri. Kali ndi ntchito ziwiri. Mukakweza liwu pa -ka-, mukunena za chinthu chimene mukachite kwina, uko mukupita: "Ndikagula mankhwala m'tauni." Mukalitsitsa, -ka- yemweyo amatanthauza "pamene" kapena "ngati", ndipo chiganizo chimakhala chisanathe: "Ndikagula mankhwala, ndikuimbirani." Vuto limabwera uthenga ukaduka pakati. Bambo alembera mkazi wawo kuti "Ndikatenga mwana kusukulu." Mayiwo atha kumva kuti bambo ndi amene akatenge mwanayo, iwo asavutike. Athanso kuona ngati uthengawo sunathe, n'kumadikira mbali yotsalayo, kapena kunyamuka okha kupita kusukuluko. Mukamatanthauza zokachita kwina, tsekani chiganizocho ndi mawu osonyeza kuti chatha: "Mwana ndikamutenga ndine, inu musapite." Mukamatanthauza "pamene", musatumize theka loyamba palokha. Lembani mbali zonse ziwiri mu uthenga umodzi, ndi mpumiro pakati.

Naye -dza- ali ndi ntchito ina ya mtundu womwewu, yosonyeza kubwera kuno. Telala akakulemberani kuti "Mudzatenge diresi lanu", atha kutanthauza kuti bwerani lero, latha, kapena kuti mudzalitenge tsiku lina. Telala wosamala amalemba kuti "Diresi latha, bwerani mudzatenge lero", kapena "Mudzatenge Loweruka, silinathe."

Samalani kwambiri mukamalemba za munthu wamkulu kapena anthu ambiri

Tibwerere kwa malume aja. Chifukwa chiyani uthenga wa mlongo wanga udasokoneza, pamene "ndafika" ndi "ndifika" sasokoneza? Mukamanena za inu mwini, za ife, kapena za amene mukumulembera, zilembo zimasiyana: ndafika ndi ndifika, tafika ndi tifika, mwafika ndi mufika, wafika ndi ufika. Ngakhale pa mwana zimasiyana: "mwana wafika", "mwana afika madzulo". Koma pa anthu ambiri, ndi pa aliyense amene timamupatsa ulemu, mneni amayamba ndi a-. Ndiye a- wa ulemuyo akakumana ndi -a- wa nthawi, awiriwo amalowana n'kukhala chilembo chimodzi. Zotsatira zake n'zakuti "afika", "abwera", "apita", "anyamuka", "alipira" onsewa amawerengeka pawiri. Ndipo anthu amene timawalembera mwaulemu ndi omwewo amene sitifuna kuwadikiritsa: makolo, apongozi, abwana, abusa.

Pa mawu amenewa musadalire mneni yekha ngakhale pang'ono. Ngati zachitika, onjezani "kale" kapena "tsopano", kapena nenani pamene munthuyo ali. Ngati sizinachitike, onjezani ola, kapena yambani ndi chimene chachitika kale kuti chinacho chioneke kuti chikubwera. Uthenga wa mlongo wanga ukadayenera kukhala wotere:

"Achimwene, amalume akwera basi tsopano kuno ku Kasungu, sinanyamuke. Afika ku depoti cha m'ma 1 koloko. Ali ndi matumba awiri a chimanga, mukawalandire."

Onani mmene ziganizozi zikuthandizirana. "Akwera" payekha akadatha kuwerengeka pawiri, koma "tsopano kuno ku Kasungu" wamukhazika pansi. "Sinanyamuke" akundiuza kuti ulendo sunayambe. Pofika pa "afika", palibenso njira yomuwerengera ngati zachitika kale, chifukwa ola lake lili kutsogolo. Ndipo uthenga wonsewu ukukwana bwino mu zilembo 160 za uthenga umodzi wa pafoni, osawonjezera mtengo.

Masiku ano malume akamabwera, mlongo wanga amalemba kawiri kapena katatu. Woyamba ndi wonga uli pamwambawu. Wachiwiri umati "Adutsa pa Mponela tsopano." Wachitatu, ngati walankhula nawo, umati "Ali pa Lumbadzi, nyamukani." Ine ndimanyamuka pa wachitatuwo, ndipo timakumana pa depoti popanda wodikira mnzake nthawi yaitali.

Pokana, nenani ngati khomo likadali lotsegula

Kukana za m'mbuyo kumasintha mathero a mneni kukhala -e: sindinapite, sanafike, sitidaone. Koma "sanafike" alinso ndi matanthauzo awiri. Atha kukhala kuti munthuyo sadabwere ndipo nkhani idatha, kapena kuti tikumudikirabe. Mukalembera mwini nyumba kuti "Pulambala sanabwere", iye sadziwa ngati afune wina kapena adikire. Lembani "sanabwerebe, tikumudikira", kapena "sanabwere dzulo lonse, tipeze wina". Kaphatikizo ka -be kumapetoko ndi kakang'ono koma kamagwira ntchito yaikulu. Chimodzimodzi pa ndalama: "Sindinalandirebe" akuuza wotumizayo kuti mwina ndi netiweki, tidikire pang'ono. "Sindinalandire mwezi wathawu" ndi nkhani ina, yofunika kufufuza.

Za m'tsogolo, "sindibwera" ndi walero kapena posachedwa, "sindidzabwera" ndi wa tsiku lina. Chenjerani ndi wachiwiriyu. Akaima yekha, makamaka mukamuwonjezera -nso n'kukhala "sindidzabweranso", amamveka ngati mwadula ubale. Munthu amene akungofuna kunena kuti Lamulungu likudzali sapezeka ku msonkhano wa banki m'khonde alembe tsikulo ndi chifukwa chake, kuti amayi anzake asayambe kufunsana kuti walakwiridwa chiyani.

Mawu a nthawi nawonso amafanana, alembeni mokwanira

Popeza mankhwala a zonsezi ndi kuwonjezera liwu la nthawi, liwulo lisakhalenso chiyambi cha chisokonezo china. Awiri amene amavuta ndi "mawa" ndi "m'mawa". Ambiri polemba mwachangu amasiya "m'" woyambayo, kapena amalemba "mmawa" pa zonse ziwiri. "Abwera mawa" ndi za tsiku lotsatira. "Abwera m'mawa" atha kukhala kuti abwera kale lero kusanatenthe, kapena abwera kukacha. Lembani "m'mawa uno" kapena "lero m'mawa" pa zalero, ndi "mawa m'mawa" pa zamawa, ngakhale zikuoneka ngati mwabwereza. Enanso ndi "dzulo" ndi "madzulo": phatikizo limodzi likasowa, msonkhano wa lero madzulo umasanduka wa dzulo, umene munthu aganiza kuti waphonya. Apanso "lero madzulo" ndi "dzulo madzulo" ndi amene amathandiza.

"Dzana" ndi "mkuja" ndi mawu abwino, ndipo ndimakonda kuwaona akugwiritsidwa ntchito. Koma ena amati "dzana" kapena "dzana lija" pa tsiku lililonse la posachedwapa, osati la kuseri kwa dzulo lokha. Ngati nkhaniyo ndi ya ngongole, ya kuchipatala kapena ya ulendo, tchulani dzina la tsiku.

Kumbukiraninso kuti uthenga suwerengedwa nthawi imene walembedwa. Wina foni yake yatha moto chifukwa magetsi adazima, wina bandulo yamuthera ndipo atsegula WhatsApp mawa lake. "Ndibwera mawa" wolembedwa Lachiwiri usiku n'kuwerengedwa Lachitatu m'mawa wasuntha ndi tsiku lathunthu. "Ndibwera mawa Lachitatu" sasuntha.

Musanatumize, werengani mneni aliyense ndi liwu linalo

Ili ndi khwerero lomaliza, ndipo limatenga nthawi yochepa kuposa kudikira minibasi kuti idzaze. Mukamaliza kulemba, pezani aneni amene ayamba ndi a-, amene ali ndi -na-, ndi amene ali ndi -ka-. Aliyense mutchuleni kawiri chamumtima, koyamba mmene mumatanthauzira, kachiwiri mutasuntha pokwera liwu. Ngati katchulidwe kachiwiriko kakupereka chiganizo chomveka, dziwani kuti wowerenga atha kutenga chimenecho, ndipo onjezani liwu limodzi lotseka njirayo.

Tiyese ndi uthenga uwu, wopita kwa apongozi: "Amayi, abambo apita kuchipatala, ndikawatenga." Mneni woyamba, "apita", akuwerengeka pawiri: ali kale kuchipatala, kapena apita nthawi ina lero. Wachiwiri, "ndikawatenga", nayenso pawiri: ndikawatenga ndine, kapena chiganizo chaduka. Mayi wachikulire akalandira uthenga wotere mtima umakhala m'mwamba, ndipo ayamba kuimba foni uku ndi uku. Tikaukonza ukhala wotere: "Amayi, abambo apita kale kuchipatala m'mawa uno kukayezetsa shuga, sakudwala. Ndikawatenga ndine 12 koloko, ndipo tikafika kunyumba ndikuimbirani."

Mukakhala kuti ndinu wolandira, ndipo uthenga wabwera ndi "afika" wopanda mnzake, musanyamuke. Bwezani funso lalifupi lokhala ndi mayankho awiri oti munthu asankhepo, monga "Afika kale kapena akadali m'njira?" Mukangofunsa kuti "Afika?", mnzanuyo awerenga funsolo ndi liwu lomwe analembera uthenga wake, ndipo ayankha kuti "Eya."